Momwe mungalumikizire kompyuta, tivi kapena PlayStation ndi kebulo m'malo mwa waifai

Kwathu rauta imakhala pawindo la pabalaza, chifukwa ndi pomwe netiweki imakoka bwino. Kompyuta ili kuchipinda chomaliza, kuseri kwa makoma awiri a njerwa zootcha. Masana zonse zinkayenda, koma ikangokwana 7 koloko madzulo, aliyense ali pa foni yake, mawu a pamsonkhano ankayamba kudukaduka, ndipo mwana wanga ankadandaula kuti pa gemu ya mpira wosewera akuthamanga iye atasiya kale kudina. Ndinkaloza chala kampani ya intaneti. Vuto linali m'nyumba momwemo, pakati pa rauta ndi kompyuta, ndipo linatha ndi kebulo ya mamita 20.

Chimene kebulo imakupatsani kwenikweni ndi kukhazikika. Waifai ili ngati bwalo la mfumu pomwe amayankhula munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Chipangizo chilichonse chimayamba chamvetsera ngati pali wina amene akutumiza, ndipo akakhalapo chimadikira. Ziwiri zikayamba limodzi uthenga umasokonekera, n'kuyambiranso. Foni yomwe ili kutali ndi rauta imayankhula pang'onopang'ono, motero imadya nthawi ya anzake onse. Ndiye bwalolo si lanu nokha. Pa waifai ya 2.4 GHz pali njira zitatu zokha zosawombana, 1, 6 ndi 11, kotero m'nyumba zogundizana za lendi rauta yanu imalimbirana mpata ndi ya aneba. Uvuni wa maikulowevu nawo umasokosera pomwepo ukayatsidwa. Waifai ya 5 GHz ili ndi njira zambiri ndipo ndi yothamanga, koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma.

Mu kebulo ya ethaneti mulibe kudikirana kotereku. Muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, ndipo kupotanako ndi komwe kumachepetsa kusokonezedwa ndi magetsi ena. Njirayo ndi ya chipangizo chanu ndi rauta basi, ndipo kutumiza ndi kulandira kumachitika nthawi imodzi. Kwa woonera filimu kusiyanaku nthawi zina sikuoneka, popeza tivi imasungiratu masekondi angapo a kutsogolo. Koma gemu ya pa intaneti ndi msonkhano wa pakanema sizingasungiretu kanthu. Kachidutswa ka uthenga kakachedwa theka la sekondi, mwachiona kale pasikirini.

Yezani kaye musanagule

Musatulutse ndalama musanadziwe komwe kuli vuto. Pa kompyuta ya Windows yomwe ili pa waifai, tsegulani `Command Prompt` n'kulemba:

```
ipconfig
```

Fufuzani mzere wa `Default Gateway`. Nambala ili pamenepo ndi adiresi ya rauta yanu, kawirikawiri `192.168.1.1`, `192.168.0.1` kapena `192.168.8.1`. Kenaka lembani izi, mukuika nambala yanuyo:

```
ping -n 50 192.168.1.1
```

Apa kompyuta ikugogoda pa rauta maulendo 50, n'kumalemba nthawi yomwe yankho latenga. Nthawiyo ili m'mamilisekondi, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Uthengawu sukutuluka m'nyumba, ndiye kampani ya intaneti sikukhudzidwa. Yezani nthawi yomwe vuto limabwera, osati m'mawa anthu atapita kuntchito. Musayang'ane kwambiri `Average`, yang'anani mmene manambala akudumphira. Mukaona 3, 4, 3, kenaka 180, kenaka `Request timed out`, waifai yanu ndi yomwe ikudwala. Pa kebulo mizere yonse imangobwera `time<1ms` kapena `time=1ms`, kuyambira woyamba mpaka womaliza.

Bwerezaninso, koma m'malo mwa adiresi ya rauta ikani `8.8.8.8`, yomwe ili kunja pa intaneti. Ngati kugogoda pa rauta kunali kosalala koma uku kukudumpha, vuto lili pakati pa rauta ndi nsanja ya netiweki, ndipo kebulo sikuthandizani. Ndikunena izi poyera chifukwa ambiri amakhumudwa. Ngati rauta ikulandira mamegabiti 10 pa sekondi kuchokera kunja, kebulo ikupatsani 10 omwewo, kungoti afika osaduka.

Kebulo yoyenera ndi kutalika kwake

Yambani mwatembenuza rauta. Mabowo omwe mukufuna alembedwa `LAN`. Bowo lolembedwa `WAN`, lomwe nthawi zambiri limakhala la mtundu wina, ndi lolandirira intaneti kuchokera kunja, ndipo mukalowetsapo tivi sigwira. Marauta ena a simukhadi ali ndi bowo lolembedwa `LAN/WAN`, limenelo limagwira ntchito zonse ziwiri. Tizipangizo tam'thumba tija ta waifai toyendera batire, tambiri tilibe bowo n'komwe.

Pa khungu la kebulo pamalembedwa mtundu wake. `Cat5e` imanyamula mamegabiti 1,000 pa sekondi mpaka mamita 100, zomwe ndi zokwanira pa nyumba iliyonse. `Cat6` ndi yabwinonso ngati mtengo sukusiyana kwambiri. Wogulitsa akakukakamizani `Cat7` kapena `Cat8` kuti gemu izithamanga, sungani ndalama zanu, chifukwa bowo la PlayStation 4 ndi la PlayStation 5 limalekezera pa 1,000 pomwepo.

Chomwe muyenera kusamala nacho ndi chitsulo cham'kati. Makebulo ambiri otchipa ndi a aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, ndipo ena amalembedwa `CCA`. Amathyoka msanga akapindidwa ndipo savomera mtunda wautali. Ngati akudulirani pa mpukutu, pemphani kachidutswa, sendani kawaya kamodzi n'kukapala ndi mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka m'kati, pomwe winayo amaonetsa kuyera pansi pake.

Poyeza kutalika musayeze molunjika. Tengani chingwe muchiyendetse momwe kebulo idzadutse. Kwathu kuchokera pa rauta kufika pa kompyuta ndi mamita 9 molunjika, koma kutsika pawindo, kutsata khoma, kuzungulira mafelemu a zitseko ziwiri ndi kukwera pa tebulo zinakwana mamita 16. Ndinagula 20. Yotsala mumangoikulunga kuseri kwa tebulo, pomwe yoperewera simungailumikize ngati waya wa babu, pomanga ndi tepi.

Kuiyala

Yesani kebulo ili pansi musanakhome kalikonse. Lowetsani mutu umodzi mu `LAN` mpaka mumve kuti "tcha", winawo mu chipangizo, muone ngati timagetsi ta pabowo kapena pa rauta tayaka. Mukatsimikiza, ikhomeni ndi timakilipu ta pulasitiki tokhala ndi msomali, kamodzi pa theka la mita iliyonse. Musamenye mpaka kilipu ifinye kebulo. Pangodya ipindeni mozungulira, osati moithyola. Musaidutsitse pomwe chitseko chimaluma, ndipo musaimangirire pamodzi ndi waya wa magetsi mtunda wautali. Pofunika kudutsana, zidutsane mopingasa. Mukaidutsitsa kudenga kumbukirani makoswe, ndi bwino kuilowetsa m'paipi ya pulasitiki ya amagetsi.

Kuti mubowole kabowo kakang'ono pakhoma, kebulo iyenera kulowa yopanda mutu, mutuwo n'kuikidwa pambuyo pake ndi pulayala yake yofinyira. Mitu yonse iwiri ikhale ndi ndondomeko imodzi ya mitundu. Yofala ndi `T568B`. Mukagwira mutu timano tachikasu tikuyang'ana kwa inu, kebulo ikulendewera pansi, kuchokera kumanzere mumayamba ndi koyera kosakaniza olenji, olenji, koyera kosakaniza girini, buluu, koyera kosakaniza buluu, girini, koyera kosakaniza bulauni, n'kumalizira bulauni. Musamasule kupotana kuposa sentimita imodzi ndi pang'ono. Ngati simunachitepo, wokonza makompyuta amachita izi m'mphindi zochepa.

Ngati pa tivi pomwepo palinso PlayStation, musakoke makebulo awiri. Kokani imodzi, kumapeto kwake muike swichi ya netiweki ya mabowo asanu yolembedwa `Gigabit`. Bowo limodzi lilandira kebulo yochokera ku rauta, anayi otsalawo ndi a zipangizo. Sifuna kutcheredwa, imangofuna magetsi. Kumbukirani kuti magetsi akathima rauta n'kutsala pa batire, swichiyo ikhala itazima.

Chinthu chimodzi chomwe sindilimbikitsa ndi kuponya kebulo panja kuchokera kunyumba yaikulu kupita kunyumba ya kuseri. Dzuwa limaononga khungu la kebulo wamba, ndipo nthawi ya dzinja mphezi ikagwa pafupi, waya wautali wa kopa umatha kutengera mphamvuyo m'nyumba n'kuwotcha mabowo mbali zonse ziwiri.

Kuuza chipangizo kuti chisiye waifai

Kompyuta imazindikira yokha, komabe zimitsani waifai kuti mutsimikize. Pa PlayStation 5 lowani mu `Settings`, `Network`, `Settings`, `Set Up Internet Connection`, n'kusankha kulumikiza kwa `LAN`, kenaka muyese ndi `Test Internet Connection`. Pa tivi, mu zokonda za netiweki sankhani `Wired` kapena `Ethernet`. Nintendo Switch yoyamba ija ilibe bowo, imafuna adaputa ya `USB`.

Bwerezani `ping` uja. Kenaka pa Windows tsegulani `Settings`, `Network & internet`, `Ethernet`, muone mzere wa liwiro la kulumikizana. Pakalembedwa `1000/1000` zili bwino. Pakalembedwa `100/100` pomwe rauta ndi kompyuta zonse zimatha 1,000, kayikirani mutu wa kebulo. Liwiro la 100 limangofuna timawaya 4, la 1,000 limafuna tonse 8. Kamodzi mwa timawaya 4 towonjezerato kakapanda kugunda bwino, zipangizo zimatsikira pa 100 mwakachetechete, intaneti n'kumagwirabe, inu osadziwa kuti pali chaduka. Dulani mutu womwe mukuukayikira muikenso wina.

Pa tivi musadabwe mukapeza 100. Mativi ambiri, ngakhale odula, bowo lawo ndi la mamegabiti 100, kotero poyeza liwiro waifai ya pafupi ikhoza kuonetsa nambala yokulirapo. Filimu ya `4K` imangofuna mamegabiti 15 mpaka 25 pa sekondi, ndiye 100 wosagwedezeka ndi wokwanira bwino lomwe. Phindu lina mudzaliona pa mafoni, chifukwa tivi ikachoka pa waifai imasiya mpata waukulu kwa otsalawo.

Ngati mumagula bandulo yowerengera magigabaiti, yang'anirani masiku oyamba. Kulumikizana kukakhazikika, mapulogalamu oonetsa mafilimu amakweza okha ubwino wa chithunzi, ndipo bandulo imatha msanga kuposa kale. Windows nayo imatenga kebulo ngati intaneti yopanda malire, n'kuyamba kukoka zosintha zikuluzikulu. Pa tsamba lomwe lija la `Ethernet` yatsani `Metered connection`, ndipo pa tivi tsitsani chithunzi kufika pa `1080p` kapena `720p` mu pulogalamu yomwe mumaonera.