Meseji yabwera mu Chipwitikizi: momwe mungaiwerengere pa foni osamulakwira mwini wake

Kuno ku Mchinji sizachilendo kulandira meseji ya chilankhulo choti simukuchidziwa, makamaka amene mumachita geni ya mtedza ndi soya. Anzathu a mmalire timamvana nawo Chichewa bwinobwino koma ogula ena amachokera kutali monga ku Beira, ndiye akamalemba pa WhatsApp amangolemba Chipwitikizi. Google Translate imathandiza ndithu, Chichewa chilimo kuyambira 2014, koma mawu imamasulira bwino kuposa mtima wa munthu. Munthu wapempha mwaulemu, inu nkuwerenga ngati akukulalatirani, geni nkuthera pomwepo.

Tiyerekeze kuti ndinu mayi wogulitsa mtedza pa Kamwendo, katundu wachedwa kunyamuka, ndiye mwalandira izi:

"Boa tarde, mãe. Desculpa incomodar. O amendoim ainda n chegou e o patrão ja ta a me apertar maningue. Estou a pedir p mandar ate sexta, se puder. Obg 🙏"

Poyamba musathamangire ku apu, iyang'aneni kaye mesejiyo ndi maso anu. Kodi yayamba ndi moni? Yalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha kapena ayi? Pali imoji yanji? Iyiyi yayamba ndi "Boa tarde" omwe ndi moni wa masana, yathera ndi manja opempha, palibe pomwe munthu wakuwa. Zimenezi muzisunge mmutu chifukwa apu ikakupatsani mawu aukali mudzadziwa kuti penapake pasokonekera.

Kenako dinani pa mesejiyo osachotsa chala mpaka isankhike, musankhe Copy, mutsegule Google Translate nkuimata mmenemo. Mumate yonse, osati chiganizo chimodzi chokha. Kumanzere musiye pa Detect language kuti izindikire yokha chilankhulo, ikazindikira zina musankhe nokha Portuguese. Ngati mwatumiziridwa chithunzi cha kalata, dinani pa kamera mu apu momwemo nkusankha chithunzicho.

Apa ndi pomwe ambiri amalumpha. Anthu pa foni amadula mawu ngati mmene ife timalembera "bho" kapena "zkm", ndipo makina amasochera nazo. Mu Chipwitikizi "n" ndi não, "p" ndi para, "ta" ndi está, "obg" ndi obrigado, "vc" ndi você, "pq" ndi porque, ndipo "kkkk" ndi kuseka ngati kwathu konkuno. Awongoleni mawuwa musanamasulire. Samalani kwambiri ndi "n" ameneyo chifukwa ndiye "si" kapena "ayi" wawo, apu ikangomudumpha ndiye kuti "mtedza sunafike" usanduka "mtedza wafika". Nawonso "sexta" mulembe sexta-feira, lomwe ndi Lachisanu, chifukwa payekha amatanthauzanso chinthu chachisanu ndi chimodzi. Chimodzimodzi "segunda", ndi Lolemba komanso ndi chachiwiri.

Mukatero masulirani kawiri, kaye mu Chingerezi kenako mu Chichewa, ngakhale Chingerezi chanu chikhale cha Sitandade 8. Makinawa anaphunzira pa zolemba zambirimbiri za Chipwitikizi ndi Chingerezi pomwe za Chichewa nzochepa, ndiye ya Chingerezi imakonda kutuluka yolongosoka. Ziwirizo zikagwirizana mtima ukhale mmalo. Zikasiyana, chiganizo chomwe zasiyanacho chimateni pachokha muone.

Nkhani yaikulu ili pa iwe ndi inu. Chipwitikizi chili ndi tu wa anzako, você wapakatikati ndi o senhor kapena a senhora waulemu kwambiri. Chingerezi zonsezi chimangoti "you", ndipo nthawi zambiri makina amadzera ku Chingerezi asanafike ku Chichewa, ndiye ulemu uja umatayika panjira, apu nkungosankha yokha kulemba "tumiza" kapena "tumizani". Mukaona "iwe" pa sikirini musapse mtima kuti mwana uyu akundinena iwe ine, mwina si iyeyo wanena, ndi foni. Bwererani ku meseji yeniyeniyo mukaone mmene wakutchulirani. Mu chitsanzo chathuchi wati "mãe", kutanthauza amayi, ndipo ku Mozambique ndi ulemu kutchula mzimayi wamkulu choncho ngati mmene timachitira ifeyo pamsika.

Tsopano tiyende nayo pang'onopang'ono. "Desculpa incomodar" ndi pepani ndakusokonezani. "Estou a pedir" apu ikhoza kungoti "ndikufunsa", koma ku Mozambique ndi kapemphedwe kodzichepetsa, ngati ife tikamati ndimati ndipemphe nawo. "Se puder" ndi ngati mungathe, munthu wolamula sanena mawu amenewa. "Apertar" ndi kufinya, ndiye musadabwe ikatuluka kuti bwana akundifinya, akutanthauza kuti abwana ake amupanikiza. "Maningue" ndi mawu a ku Mozambique konko otanthauza kwambiri, apu mwina ingowasiya osamasulira kapena kuwayesa dzina la munthu. Ndiye mu Chichewa chathu meseji yonse ikuti: Mwaswera bwanji amayi, pepani ndakusokonezani, mtedza uja sunafikebe ndipo abwana andipanikiza kwambiri, ndimapempha kuti mutumize pofika Lachisanu ngati mungathe, zikomo.

Mwaona? Uyu ndi munthu woti naye ali pamoto, akukudandaulirani, sakukuopsezani. Koma musapusitsikenso ndi ulemuwo nkumati palibe changu, tsiku watchula ndipo abwana wawatchula, ndiye nkhaniyo yafika pothina. Akanakhala kuti wakwiya mukanaona zina, moni palibe, ziganizo zifupizifupi, mawu ngati "Manda até sexta. Já chega." kutanthauza tumiza pofika Lachisanu, zakwana. Yerekezaninso ndi mameseji ake akale, ngati munthu amayamba ndi moni masiku onse lero wangolowa nkhani, kusinthako kukukuuzani zambiri kuposa zomwe apu ingamasulire.

Poyankha lembani ziganizo zifupi, chimodzi mfundo imodzi, ndipo miyambi ndi zining'a muzisiye. Mukalemba kuti ndagwira njakata, makina sadziwa chochita nazo, ingonenani kuti galimoto inawonongeka. Tsiku mulembe ndi manambala, ndalama mutchule ngati ndi kwacha kapena metikali. Ikamasulira, dinani timivi tiwiri tosinthanitsa zilankhulo kuti yankho lanulo libwerere ku Chichewa kapena Chingerezi, muone ngati likunenabe zomwe mumafuna. Muyang'anenso ngati muli "tu", "te" kapena "teu", chifukwa ngati mukulembera munthu wamkulu kapena woti simunazolowerane ndi bwino chiganizocho chikhale ndi "o senhor" kapena "a senhora". Moni wa "Bom dia" mmawa kapena "Boa tarde" masana muike nokha pamwamba, ndipo si zamanyazi kuwonjezera kuti mukugwiritsa ntchito apu yomasulira, munthuyo amakumvetsani mawu akapotoka komanso naye amayamba kulemba zosavuta.

Pali zina zomwe ine sindingasiyire foni. Nthabwala ndi kunyogodola makina amazimasulira ngati zenizeni, munthu akalemba "muito bonito" atakwiya apu idzangoti zokongola kwambiri. Voisi noti nayonso njovuta, mukhoza kuiseweretsa pa foni ina pafupi ndi maikolofoni ya apu koma pakakhala phokoso imalemba zosamveka, bola kumupempha munthuyo alembe. Ndipo ikakhala nkhani ya mgwirizano wa ndalama zambiri, maliro, matenda kapena kalata ya boma, pezani munthu wodziwa Chipwitikizi akuwerengereni, kuno alipo ambiri amene anakhalako ku Mozambique. Musanamuonetse kapena kumata mu apu, fufutani kaye nambala ya akaunti ndi zina zachinsinsi.