Mwana akamabweza chimbudzi chifukwa choopa ululu: zoyenera kuchita

Tiyerekeze mwana wa zaka 2 ndi theka wa ku Chawama. Anatentha thupi masiku angapo, samamwa madzi, chimbudzi n'kuuma. Potuluka chinang'amba pang'ono khungu la kotulukira, pathewera n'kuoneka kadontho ka magazi ofiira. Kuyambira tsikulo, chikamugwira amathawira kuseri kwa chitseko, n'kuima chonyang'ama, miyendo atapingasa, matako ataumitsa, thukuta lili kamukamu. Akuluakulu amati akukankha koma zikukanika. Ayi, akubweza dala.

Chimbudzi chikakhalitsa, matumbo amayamwa madzi ake, chimakula n'kuuma, ndipo potuluka chimapweteka kuposa kale. Kenaka kabudula amayamba kuthimbirira ndi zamadzimadzi zonunkha. Kumeneku si kutsegula m'mimba, ndi zofewa zomwe zikudutsa m'mbali mwa chouma chija. Musamupatse mankhwala oletsa kutsegula, ndipo musamumenye, sakudziwa n'komwe kuti zikutuluka.

Choyamba, werengani kuti akuchita chimbudzi kangati. Ngati akuchita chimbudzi kosakwana katatu pa sabata, chokula kwambiri kapena changati cha mbuzi, pitani naye ku kiliniki. Mapapaya okha sangachotse zimene zaunjikana kale.

Chachiwiri ndi mankhwala ofewetsa. Wopezeka kawirikawiri ndi lakitulozi. Kwa mwana wa chaka 1 mpaka zaka 5, mlingo umakhala pakati pa mamililita 2.5 ndi 10, kawiri pa tsiku, koma woyambira akuuzeni adokotala. Akhoza kutenga masiku awiri asanayambe kugwira ntchito. Cholinga n'chakuti chimbudzi chizifewa ngati phala lolimbirapo, tsiku lililonse. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: mwana akachita bwino sabata imodzi, botolo amalibisa. Mantha amakhala asanathe, matumbo otanuka aja asanabwerere m'chimake, ndiye vuto limayambiranso. Mankhwalawa amamwedwa miyezi ingapo, ndipo posiya mumachepetsa pang'onopang'ono. Pong'ambika paja pakani vaselini. Za kuika sopo kapena kupopera madzi kumatako, iwalani. Kumangowonjezera ululu womwe akuopawo.

Chachitatu, akadya nsima kapena phala, pakapita mphindi 20 mukhazikeni papoti kwa mphindi 5 zokha, mapazi atagunda pansi, mawondo atakwera kuposa chiuno. Chimbudzi chokumba, ndi mdima wake uja, chimaopsa mwana wamng'ono. Muyamikireni chifukwa chokhala pansi, ngakhale pasatuluke kanthu. Akakana kwamtuwagalu n'kupempha thewera, mupatseni, za poti muyambirenso pakatha mwezi.

Pa chakudya, madzi pafupipafupi, papaya, mango, nyemba, masamba ndi nsima ya mgaiwa. Mkaka usapitirire theka la lita pa tsiku.

Musadikire mawa ngati mimba yatupa n'kulimba, akusanza zobiriwira, magazi akuchuluka kapena miyendo yafooka. Ngati akuwonda, kapena atabadwa anatha maola 48 asanachite chimbudzi choyamba, auzeninso adokotala, chifukwa gwero lake likhoza kukhala lina osati mantha.