Malangizo kwa Aphunzitsi: Kulemba Gawo la Kuunika Phunziro ndi Kukonzanso Pulani

Malangizo awa ndi a aphunzitsi a m'masukulu a pulaimale, pamodzi ndi amene ali pa maphunziro a uphunzitsi ndipo atumizidwa kukayeserera nchito. Akunena za gawo la kumapeto kwa lesoni pulani, lija ambiri amalicha ivaluwesheni, limene limalembedwa phunziro litatha.

Nthawi yolembera

Lembani gawoli tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka belo la piriyodi yotsatira lisanalire kapena pa buleki. Musalilembe pamodzi ndi pulani phunziro lisanacitike. Musadikirenso Cisanu kuti mudzaze mapulani a sabata yonse cifukwa asiniya tica akuwafuna pa tebulo pao. Pofika Cisanu mudzakumbukira kuti phunziro linavuta, koma yankho lenileni limene mwana uja wa pa desiki lakumbuyo analemba mudzakhala mutaliiwala, ndipo yankholo ndilo likanakuuzani cocita.

Muyenera kukhala ndi umboni m'manja musanalembe. Kuyambira mu 2022, pamene maphunziro aulere anafika mpaka kusekondale, makalasi ambiri ndi odzaza, ndipo palibe amene angaconge mabuku 70 pa buleki. Conco konzani funso limodzi lomaliza limene mwana aliyense ayankhe pa kapepala kapena pansi pa tsamba, funso loyesa comwe cija munalemba kuti ana adzatha kucita. Sonkhanitsani mayankhowo ndi kuwaika m'milu: olondola paokha, ndipo olakwa muwagawe molingana ndi yankho limene mwana wapeza. Nchito imeneyi siposa mphindi zisanu. Kufunsa kalasi kuti "Mwamva?" si umboni, pakuti ana athu amalemekeza aphunzitsi ndipo adzayankha "Inde" onse pamodzi ngakhale asanamve kanthu.

Zimene muyenera kulemba

Yambani ndi ana. Lembani angati analipo, angati akwanitsa cimene phunziro linafuna, ndipo amene alephera alephera motani. Mau akuti "motani" ndiwo mtima wa gawo lonseli. Kenaka lembani za inu mwini: mbali ya pulani imene inadya nthawi, citsanzo cimene cinasokoneza, cipangizo cimene sicinakwanire magulu onse. Malizani ndi cimene mudzasintha, ndipo cikhale cinthu coti mphunzitsi wina atawerenga angacite popanda kukufunsani.

Ziganizo monga "Phunziro linayenda bwino" ndi "Ana ambiri anamvetsa" musazilembe. Pewaninso kuloza ana cala, monga kulemba kuti "Ana awa ndi ofooka pa masamu". Mwina ndi zoona kuti ena akutsalira, koma ciganizo cimeneco sicisintha mzere uliwonse wa pulani yanu.

Citsanzo ca phunziro la masamu

Tiyerekeze kalasi ya masamu pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Katete. Mutu ndi kucotsera kobwereka pamene nambala yapamwamba ili ndi ziro pakati. Phunziro ndi la mphindi 60. M'rejisita muli ana 68, ndipo tsikulo abwera 62. Funso lomaliza ndi ili: 402 − 157.

Mphunzitsi amene ali pa cangu alemba kuti: "Ana 21 mwa 62 anakhoza. Phunziro libwerezedwa." Ziwerengero zilipo, ndipo ena angayamikire. Koma akabwereza phunziro monga analiphunzitsira, ndi zitsanzo zomwezo pa bolodi, adzapeza zomwezo mawa.

Tsopano onani milu ya mapepala. Ana 21 alemba 245, yankho lolondola. Ana 24 alemba 255. Ana 9 alemba 355. Otsala 8 anangokopera funso osamaliza.

Mulu wa 255 ndiwo waukulu, ndipo ana awa sali kutali. Aona kuti 7 sangacoke pa 2, apita kukabwereka, apeza ziro, alumphira kwa 4 ndi kumusandutsa 3. Ziro uja amusandutsa 10, ndipo 2 amusandutsa 12. Cimene aiwala n'cakuti 10 uja, atabwereketsa kwa 2, anayenera kutsala 9. Motero pa malo a makumi acita 10 kucotsa 5 m'malo mwa 9 kucotsa 5. Kubwereka akukudziwa, kungoti sitepe imodzi yawapulumuka. Mphunzitsi akabwerera ku pulani yake apeza gwero lake: pa zitsanzo zinai zimene anacita pa bolodi, cimodzi cokha cinali ndi ziro pakati, ndipo anacicita yekha mothamanga, coko cili m'manja, nkhope ili ku bolodi, cifukwa kubwereza za dzulo kunatenga mphindi 20 m'malo mwa 10.

Ana a 355 vuto lao ndi lina. Iwo sanabwereke konse. Pa mzere uliwonse angocotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, osasamala kuti ili pamwamba ndi iti: 7 kucotsa 2, 5 kucotsa 0, 4 kucotsa 1. Awa kuwaphunzitsa za ziro n'kutaya nthawi, pakuti ngakhale 52 − 17 adzayankha 45. Ayenera kubwerera ku manambala a makumi, atagwira mitolo ya timitengo m'manja.

Za ana 8 aja musafulumire kugamula. Ena nthawi inawathera, ena sakudziwa poyambira, ndipo mwina wina saona bwino bolodi. Pepala lopanda yankho silikuuzani zimenezi, conco lembani kuti mudzakhala nao ndi kuwafunsa pakamwa.

Gawo la kuunika lolembedwa bwino lingamveke motere:

"Analipo 62 mwa 68. Pa 402 − 157, ana 21 anapeza 245. Ana 24 anapeza 255: sanacepetse 10 kukhala 9 atabwereka. Ana 9 anapeza 355: akucotsa yaing'ono pa yaikulu osabwereka. Ana 8 sanamalize. Ndinataya mphindi 10 pa kubwereza za dzulo, ndipo citsanzo ca ziro ndinacita cimodzi cokha, ndekha. Mawa: zitsanzo zitatu za ziro pogwiritsa nchito ndalama zamapepala, ana azisintha okha, gulu la ana 9 libwerere ku 52 − 17 ndi timitengo, ana 8 ndiwafunse pakamwa ena akulemba. Mutu wotsatira uyambe Cinai."

Mizere imeneyi ikwana pa malo amene ali pa fomu. Ngati sikwana, lembani kuseri kwa pepala, osati kudula mbali ya zocita mawa.

Kukonzanso pulani

Apa ndi pamene ambiri amalekera njira. Gawo lija akalilemba amatseka fayelo, ndipo pulani ya mawa, imene inalembedwa kale Sondo madzulo, imaphunzitsidwa monga momwe ilili. Tsegulani pulani ya mawa nthawi yomweyo, muli ndi colembera m'manja.

Coyamba gamulani kukula kwa kusintha, ndipo milu ija ikutsogolereni. Ngati olakwa ali ocepa ndipo alakwa mosiyanasiyana, pitirizani ndi mutu watsopano, koma awo muwapatse nchito yapadera. Ngati mulu umodzi wa yankho lolakwa uli waukulu, monga ana 24 aja, vuto lili m'kaphunzitsidwe, ndipo sitepe imeneyo iyenera kuphunzitsidwanso kwa kalasi yonse mwa njira ina. Ngati pafupifupi onse alephera kuyambira poyamba penipeni, ndiye kuti cimene munayesa kuti akudziwa kale sakucidziwa, ndipo muyenera kubwerera m'mbuyo m'sikimu.

M'citsanzo cathu pulani ya mawa isinthe motere. Kubwereza kukhale kwa mphindi 5 zokha, ndipo mulembe pa bolodi mayankho awiri, 245 ndi 255, popanda kuchula maina a ana, n'kufunsa kalasi mmene ingadziwire lolondola. Wina adzaphatikiza 255 ndi 157 ndi kupeza 412, osati 402, ndipo ana adzaona okha kuti pali 10 wosocera. Kenaka gawani timapepala todula tolembedwa K100, K10 ndi K1. Mwana ali ndi ma K100 anai ndi ma K1 awiri, ndipo ayenera kulipira K157 ya mbeu. Asinthe K100 imodzi kukhala ma K10 khumi, kenaka asinthe K10 imodzi kukhala ma K1 khumi, ndipo awerenge ma K10 amene atsala m'manja mwake. Atsala 9. Mwana amene amatumidwa ku kantemba sangavomere kuti akadali 10. Pokhapo bwererani ku bolodi ndi kulemba zimene manja acita. Funso lomaliza la mawa likhale la mtundu womwewo koma manambala ena, monga 503 − 268, kuti muthe kuyerekeza milu ya mawa ndi ya lero. Amene vuto lija likadali nao adzalemba 245 m'malo mwa 235.

Musafufute pulani yakale kapena kuilembanso mwaukhondo. Dulani mzere umodzi pa zimene zasintha, lembani zatsopano pambali ndi inki ya mtundu wina, ndipo ikani tsiku. Pulani yokhala ndi zolemba m'mbali imaonetsa ahedi kapena oyendera masukulu ocokera ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu kuti ikugwiritsidwa nchito, ndipo inu mwini caka camawa mudzapeza cenjezo la ziro likukudikirani pa tsamba lomwelo.

Kusintha kumeneku kufikenso ku mapepala ena. Mutu ukasunthira ku Cinai, sinthani ndondomeko ya sabata, ndipo m'rekodi ya nchito lembani zimene zinaphunzitsidwadi, osati zimene sikimu inanena. Komanso dziwani malire. Temu ili ndi masabata owerengeka, ndipo simungabwereze phunziro lililonse mpaka mwana womaliza akhoze. Mukaphunzitsanso kamodzi mwa njira yatsopano ndipo ambiri akhoza, pitani patsogolo, otsalawo muwathandize pa nthawi ya nchito yapadera. Mukaphunzitsanso ndipo mulu wa yankho lolakwa sukucepa, musayese kacitatu muli nokha. Tengani mapepala a ana ndi gawo la kuunika limene munalemba, mupite nazo ku msonkhano wa gulu la aphunzitsi pa sukulu panu. Kumeneko anzanu angakonze nanu phunzirolo, mmodzi n'kuphunzitsa ena akuonerera, monga zimacitikira pa ndondomeko yophunzirana kaphunzitsidwe imene inayambira m'cigawo ca Pakati mu 2005 ndi thandizo la dziko la Japan.

Kwa amene amasainira mapulani

Asiniya tica ndi aciwiri kwa ahedi, musasaine pulani imene gawo lake la kuunika lalembedwa phunziro lisanaphunzitsidwe. Mudzaizindikira mosavuta: inki ndi imodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, mulibe ciwerengero ca ana, ndipo mau ake ndi omwewo a pulani ya dzulo. Poona fayelo, werengani gawo la kuunika la Lolemba pamodzi ndi pulani ya Ciwiri. Ngati la Lolemba likunena za ana 24 amene asocera pa ziro, koma pulani ya Ciwiri yayamba mutu watsopano popanda colembedwa ciliconse m'mbali, itanani mphunzitsiyo abwere ndi mabuku asanu a ana, mukhale pansi muwaone pamodzi musanaike siginecha.