Momwe mungayesere ophunzira mutu usanathe, kuti mayeso omaliza asakudzidzimutseni

Kuyesa ophunzira kuli pawiri. Pali mayeso omaliza, monga a kumapeto kwa teremu kapena a MANEB, omwe amangonena pamene mwana wafika. Zotsatira zikatuluka, mutu uja munautseka kalekale. Ndiye pali kuyesa kwa mkati mwa mutu, komwe cholinga chake n'kudziwa chophunzitsa mawa. Funso likhoza kukhala lomwelo. Kusiyana kuli pa zomwe mphunzitsi amachita ndi yankho. Tione ndi chitsanzo cha kuphatikiza mafulakishoni, m'kalasi ya ana 90.

Choyamba, lembani mafunso a mayeso omaliza musanayambe mutu. Mukadziwa kuti pomaliza mwana ayenera kuphatikiza mafulakishoni a nambala za pansi zosiyana, mudziwanso chofunika kuyang'ana m'njira.

Chachiwiri, mutu ukafika pakati, funsani funso limodzi lokonzedwa bwino. Lembani pa bolodi 1/2 + 1/3, pamodzi ndi mayankho atatu: 2/5, 5/6 ndi 2/6. Mukawerenga mpaka katatu, aliyense akweze zala pachifuwa: chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Pachifuwa, osati m'mwamba, kuti asaonerane. Mayankho olakwikawo musangotola. Amene wasankha 2/5 waphatikiza za pamwamba pazokha, za pansi pazokhanso, ngati nambala wamba. Amene wasankha 2/6 wapeza nambala ya pansi yoyenera, koma waiwala kusintha za pamwamba. Awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo mankhwala akenso ndi osiyana. Funso lakuti "Mwamva?" silingakuuzeni zimenezi, chifukwa kalasi yonse imayankha "Eee!" ngakhale theka lasokonezeka.

Chachitatu, sinthani phunziro la mawa. Tinene kuti ana 40 asankha 2/5, ana 20 asankha 2/6, ndipo 30 akhoza. Musapitirire, ngakhale sikimu ikukukokani. A 2/5 apatseni timizere ta pepala totalika mofanana: apinde kamodzi pawiri, kena pasanu, ayerekeze. Aona okha kuti 2/5 ndi yochepa kuposa 1/2. Afunseni: zingatheke bwanji kuwonjezera kanthu pa theka, n'kutsala ndi zosakwana theka? A 2/6 apinde kamzere pasanu ndi kamodzi, aone kuti theka ndi zigawo 3, ndipo 1/3 ndi zigawo 2. Amene akhoza athandize m'magulu, koma pofotokoza njira, osati kutchula yankho.

Chachinayi ndi ndemanga za m'makope, ndipo apa m'pamene aphunzitsi ambiri akhama amataya mphamvu zawo. Mu 1988, katswiri wina wa ku Israel, Ruth Butler, anagawa ana m'magulu: ena ankalandira malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Amene ntchito yawo inapita patsogolo anali a ndemanga zokha. Olandira zonse ziwiri sanapose a malikisi okha. Sizodabwitsa kwa aliyense amene wagawapo makope: mwana amathamangira kuona malikisi ake, kenako a mnzake, n'kutseka kope. Choncho pa ntchito ya mkati mwa mutu musalembe 4/10. Musalembenso "Limbikira", chifukwa mwana sadziwa kuti alimbikire pati. Lembani chomupatsa ntchito: "Wasintha 2 kukhala 6 pansi. Nanga pamwamba uchite chiyani? Konza samu 2 ndi 4."

Makope 90 simungalembe onse chonchi, ndipo sikofunika. Tengani makope 15, a ana amphamvu, apakati ndi ovutika, mupeze zolakwika zitatu zomwe zikubwerezeka. Zilembeni pa bolodi popanda dzina la mwana, muzipatse manambala. M'makope enawo mungolemba nambala ya cholakwika chomwe mwapeza. Kenako perekani mphindi 10 za phunziro kuti akonze pomwepo. Ndemanga yomwe mwana sanapatsidwe nthawi yoigwirira ntchito siyisintha kanthu pa mayeso.

Chomaliza, pakatha masiku awiri kapena atatu yesaninso ndi samu ina: 1/4 + 2/3. Yankho ndi 11/12. Mukaona 3/7, vuto loyamba lija lidakalipo. Mukaona 3/12, ndi lachiwiri. Musabwereze samu yomweyo, chifukwa ana amaloweza yankho ndipo mungaganize kuti amvetsa. Zoyesa izi musaziphatikize ku malikisi a teremu, popeza mwana akadziwa kuti zikuwerengedwa amayamba kubisa zomwe sakudziwa ndi kukopera kwa mnzake. Ngati ana oposa 20 akulakwitsabe, bwererani ku timapepala tija musanayambe kuchotsera mafulakishoni, chifukwa cholakwika chomwechi chidzawatsata kumeneko.