Maiki ikakhala chete mu holo ya sukulu

Makolo adzaza holo, ahedi anyamula maiki, koma mawu zii. Apa ambiri amayamba kupotokola mabatani onse nthawi imodzi, ndipo vuto limodzi limabala ena atatu. Musatero. Mawu ali ndi njira yake: amachoka pa maiki, nadutsa m'waya kupita ku mikisa, chida chosakanizira mawu, kuchoka apo ku ampu, yomwe imawapatsa mphamvu, kenaka ku masipika. Londolani njirayo, ndipo muzisintha chinthu chimodzi chokha musanayesenso.

Yambirani pa mikisa. Wina alankhule pa maiki, inu muyang'ane timagetsi tobiriwira tija. Tikamaphethira, mawu akufika mpaka kotulukira, ndiye vuto lili kutsogolo: ampu sinayatsidwe, kapena waya wa sipika wazuka, nthawi zambiri chifukwa ana aukoka pokonza mabenchi. Tikapanda kuphethira, bwererani m'mbuyo. Onani kaswitchi ka pa maiki penipenipo, batani la MUTE, ndiponso ngati mabatani okwezera mawu a GAIN ndi MAIN pa mikisa akwezedwa.

Tinene kuti zonsezo zili bwino koma maiki yomwe mwalumikiza polowera nambala 1 pa mikisa idakali zii. Zulani waya wa maikiyo muulowetse pa nambala 2. Mawu akatuluka, polowera poyamba paja ndi pomwe pafa. Akapanda kutuluka, sinthani waya, maiki ikhale yomweyo. Kawirikawiri wolakwa amakhala waya, ndipo amadukira m'kati pafupi ndi pulagi pomwe umapindikapindika. Muumange kansanza kuti usabwererenso m'katoni ya abwino. Maiki yopanda waya ikamadula mawu, yambani ndi mabatire atsopano.

Kulira kobaya m'makutu kuja n'kosiyana. Kumabwera pamene maiki yatola mawu otuluka m'sipika n'kuwabwezera komweko, n'kumazungulira. Tsitsani msanga mawu a maikiyo, kenaka onani pomwe wolankhula waima. Masipika azikhala kutsogolo kwake, atayang'ana kwa anthu. Muuzeni asendeze maiki pafupi ndi pakamwa, mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, m'malo moti inu muzingokweza. Ndipo asafumbate mutu wa maiki ngati oimba achinyamata, kumeneko n'kuitana kulirako.

Kukamveka kung'ung'uza kosalekeza mutalumikiza laputopu, zulani chaja. Kukasiya, mwapeza gwero: igwire ntchito pa batire, kapena yesani kutenga magetsi a zida zonse pa soketi imodzi. Ena amathyola kapini ka efi pa pulagi kuti phokoso lithe. Chonde musayese, chifukwa kameneko ndi komwe kamateteza wogwira maiki kuti asagwidwe ndi magetsi.

Poyatsa, ampu ikhale yomaliza, pozimitsa, ikhale yoyamba, apo ayi kugunda kwa "phu!" kumapweteka masipika. Magetsi akathima mwambo uli m'kati, thamangani mukazimitse ampu magetsiwo asanabwere, ndipo jenereta iyambe yakhazikika kaye musanayatsenso.