Kusankha galimoto yogwirapo kale ntchito yoti muziyendetsa ngati takisi kuno ku Dedza

Anthu ambiri amene amabwera kudzandifunsa za galimoto ya takisi amayamba ndi funso limodzi: "Bambo, ndi iti imene imamwa mafuta pang'ono?" Funsoli ndi lomveka, chifukwa petulo ndiye amadya gawo lalikulu la ndalama za tsiku. Koma ine ndimayamba ndawafunsa kuti galimotoyo izidzayenda msewu uti ndipo izidzanyamula ndani, popeza yankho la funso lawo limachokera pamenepo. Galimoto yoyenda pa tala wa M1 pakati pa Dedza boma ndi Lizulu ili ndi moyo wina, ndipo yolowa misewu yafumbi ya kumidzi, yokhala ndi mabampu m'chilimwe ndi matope m'dzinja, ili ndi moyo winanso.

Tiyeni tiwerengetse ndi chitsanzo. Mitengo ya mafuta imene a MERA amalengeza imasinthasintha, choncho tingoyerekeza kuti lita imodzi ndi K5,000, ndipo munthu mmodzi amalipiranso K5,000 pa ulendo wa makilomita 30. Inu mudzaikepo mitengo yeniyeni ya tsikulo. Tinene kuti mumayenda maulendo 6 pa tsiku, atatu kupita ndi atatu kubwera, omwe ndi makilomita 180 onse pamodzi.

Titenge galimoto ziwiri zimene tonse timaziona pa siteji. Yoyamba ndi Toyota Sienta yakale ija, ya injini ya 1.5, yokhala ndi mipando 7 kuphatikizapo wa dalaivala. Yachiwiri ndi Toyota Passo ya injini ya 1.0, imene imanyamula anthu anayi. Tiyerekeze kuti Sienta ikalemedwa imayenda makilomita 12 pa lita, pamene Passo imayenda 15. Pa tsiku Sienta imwa malita 15, omwe ndi K75,000, ndipo Passo imwa malita 12, omwe ndi K60,000. Munthu amene waima pamenepa athamangira Passo. Koma werengani anthu. Ngakhale Sienta isamadzaze, ingotenga anthu asanu pa ulendo, ndiye kuti yanyamula anthu 30 ndi kutolera K150,000, pamene Passo yodzaza maulendo onse yanyamula 24 ndi kutolera K120,000. Mukachotsa mafuta, Sienta yatsala ndi K75,000 ndipo Passo yatsala ndi K60,000. Galimoto yakumwa kwambiri ija ndiyo yabweretsa K15,000 yoonjezera, ndipo pa masiku 26 a mwezi imeneyi ndi K390,000.

Nkhaniyi imatembenuka ngati ntchito yanu ndi ya hayala, yonyamula munthu mmodzi kapena awiri amene akuimbirani foni kuti muwapititse ku chipatala, ku bodala kapena ku Lilongwe. N'chimodzimodzinso kwa amene akufuna kukagwira ntchito mu mzinda ndi njira zoitanira takisi pa foni. Wokwera wotere amalipira ulendo, salipira mpando, ndiye mipando yopanda anthu sikupindulirani kanthu, ndipo malita atatu aja amene galimoto yaing'ono imapulumutsa tsiku lililonse amakwana 78 pa mwezi. Sankhani ntchito kaye, galimoto ibwere pambuyo.

Pali nambala ina m'chitsanzo chathuchi imene ambiri saiona. Makilomita 180 pa tsiku ndi 4,680 pa mwezi, ndipo pa chaka amapitirira 56,000. Ngati mumasintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, monga amakaniko ambiri amalangizira chifukwa cha fumbi lathuli, ndiye kuti pafupifupi mwezi uliwonse muli ku galaja. Galimoto imene mwaigula itayenda makilomita 150,000 idzakhala itadutsa 260,000 pakatha zaka ziwiri. N'chifukwa chake kulimba kwa galimoto ndi kupezeka kwa masipeya kumaposa malita awiri kapena atatu a petulo. Tsiku limodzi limene Sienta ija yagona pa galaja kudikira chitsulo mwataya K75,000, kumene kuli kofanana ndi malita 15.

Pa mfundo imeneyi ndimakonda injini ya Toyota yotchedwa 1NZ-FE, imene ili mu Sienta yakale, mu Probox ya 1.5 ndi m'galimoto zina zambiri za kampaniyi. Imayendera tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, amakaniko athu anaizolowera, ndipo zitsulo zake, zatsopano ndi zogwetsa zomwe, sizisowa ku Lilongwe. Galimoto yachilendo yokongola, imene pa boma ponse ilipo imodzi yokha, ikhoza kukhala yotchipa pogula, koma ikathyoka kachitsulo kakang'ono mudzakhala milungu mukudikira kuti kachokere kunja. Kwa amene msewu wake ndi wafumbi ndipo okwera ake amabwera ndi matumba a mbatata ya kachewere ndi madengu a tomato, Probox imapirira katundu kuposa Sienta chifukwa inapangidwira ntchito yonyamula, ngakhale mipando yake ndi yochepa ndiponso yolimba. Sienta ndi yotsika, ndipo ikalemedwa imakhula pansi pa mabampu ndi m'makwawa.

Chimene chimagwetsa eni Sienta ambiri si injini ayi, koma giyabokosi. Zambiri mwa galimotozi zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene ilibe magiya okwera limodzilimodzi koma imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. Giyabokosi imeneyi imathandiza kupulumutsa mafuta, koma sigwirizana ndi katundu wopyola muyeso, kutentha, ndi oyilo wolakwika. Ili ndi oyilo wakewake, ndipo munthu akathiramo wa giyabokosi wamba wotchedwa ATF, lamba uja amayamba kuterereka ndi kudya mapule. Galimoto imene inagwirapo kale ntchito ya takisi, yomanyamula anthu khumi m'malo mwa asanu ndi mmodzi, nthawi zambiri imafika kwa wogula wachiwiri giyabokosi itatopa kale.

Ndinaona zimenezi ndi maso anga pamene ndinaperekeza mlamu wanga kukaona Sienta ina yoyera, yopakidwa polishi mpaka matayala. Pamalo osalala inkayenda bwino kwambiri, ndipo mlamu anali atayamba kale kuwerenga ndalama. Ndinapempha kuti tikwere anthu asanu, tipeze chitunda, ndipo tiime pakati pa chitundacho n'kuyambanso kunyamuka. Atangoponda mafuta, singano ya injini inakwera, phokoso linakula, koma galimoto inanjenjemera ngati yagwidwa malungo isanasunthe, ndipo pansi pankamveka kulira kopyapyala ngati kwa mluzu. Titayang'ana oyilo wa giyabokosi tinapeza wakuda, wonunkha chopserera. Wogulitsa anati n'zazing'ono, koma tinabwerera ndi ndalama zathu. Kuno kwathu zitunda sizisowa, ndipo galimoto imene singakwere bwino ili ndi anthu asanu sidzatha kukwera phiri la ku Golomoti ili ndi katundu.

Injini muione m'mawa isanalizidwe. Pemphani wogulitsa kuti asaiyatse inu musanafike, ndipo mukafika gwirani injiniyo ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Kuzizira kwa ku Dedza, makamaka mu Juni ndi Julayi, kumaulula zambiri zimene injini yotentha imabisa. Mukapotoza kiyi koma musanalize, magetsi onse a pa dashibodi ayenera kuyaka, kuphatikizapo lachikasu lija looneka ngati injini, kenaka azime injini ikalira. Ngati lachikasulo silikuyaka n'komwe, dziwani kuti mwina wina analichotsa kapena kulimata kuti abise vuto. Mvetserani ngati tcheni ikuchita phokoso la kwekwere, ndipo wina aime kumbuyo aone utsi. Wabuluu ukutanthauza kuti injini ikudya oyilo. Woyera wopyapyala umene ukutha pakapita mphindi zochepa ndi nthunzi chabe, koma woyera wochuluka wosatha injini itatentha umaloza ku gasiketi.

Tsegulaninso chitsekero cha oyilo ndi cha rediyeta injini ikadali yozizira. Phala loyera ngati chambiko pansi pa chitsekero cha oyilo limachenjeza kuti mwina madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndipo madzi a dzimbiri mu rediyeta amasonyeza kuti mwini wake ankathira a pa mjigo m'malo mwa madzi ake apadera oziziritsa injini. Injini imene inawirapo kamodzi ikhoza kuvutitsa mpaka kale.

Nambala ya makilomita pa dashibodi musaikhulupirire yokha, chifukwa anthu amaibweza. Yang'anani mphira wa popondera buleki, chiwongolero, ndi mpando wa dalaivala. Galimoto yosonyeza makilomita 70,000 koma mphira wa buleki utadyeka mpaka chitsulo ikunama. Kenaka gwadani muone pansi: mashoko otuluka oyilo, mphira zong'ambika, malo owotcherera pa chesisi, ndi matayala odyeka mbali imodzi.

Za kamwedwe ka mafuta, njira yodalirika ndi imodzi. Dzazani thanki mpaka pampu iime yokha, lembani makilomita, yendani ulendo weniweni ndi anthu, monga kuchoka pa boma kukafika ku Linthipe ndi kubwerera, kenaka dzazaninso pa pampu yomweyo. Gawani makilomita ndi malita amene alowa kachiwiri. Ulendo umenewu ukudyerani ndalama, koma ndi wotchipa kusiyana ndi kugula galimoto imene anaichotsa zoyeretsera utsi mu ekizozi, kapena imene zoyezera mpweya zake zinafa, moti ikumwa ngati ya injini yaikulu. Galimoto zoyendera petulo ndi batire pamodzi, monga Toyota Aqua, zimamwadi pang'ono, makamaka mu mzinda, koma musagule popanda wodziwa kuyeza batire lake lalikulu ndi makina, popeza likafa mtengo wake umameza zonse zimene munapulumutsa.

Mapepala ndiwo omaliza kuona koma oyamba kukuikani m'mavuto. Nambala ya chesisi yodindidwa pa galimoto ifanane ndi ya mu bulubuku chilembo ndi chilembo, dzina la mu bulubuku likhale la amene akugulitsayo, ndipo pakhale umboni wakuti msonkho wa MRA unalipidwa. Ife tili m'malire ndi Mozambique, ndiye galimoto yotchipa modabwitsa imene mwini wake akuti mapepala abwera mawa muisiye. Kusintha umwini kuchitikire ku ofesi ya Road Traffic nonse awiri mulipo.

Musathere ndalama zonse pa mtengo wa galimoto. Isanayambe kunyamula anthu ifunika COF, inshuwalansi yoteteza okwera olipira, chilolezo chonyamulira anthu, kusintha oyilo yense ndi mafyuluta, ndipo kawirikawiri matayala ndi mashoko atsopano. Ngati msewu wanu ukudutsa pa Kalinyeke kapena pa Chingeni, onjezerani ndalama ya pa geti pa ulendo uliwonse. Mukayamba ntchito, tsegulani kope ndipo muzipatula ndalama ya zokonzetsa pa kilomita iliyonse imene mwayenda. M'chitsanzo chathu chija, K100 pa kilomita ndi K18,000 pa tsiku, ndipo ndalama imeneyi muziichotsa madzulo aliwonse pa K75,000 ija musanawerenge ya dalaivala ndi ya pakhomo.