Ngati mwaika apu imene munthu wokuimbirani foni anakuuzani, chitani izi msanga

Mwezi wathawu ndili pa ntchito yanga yosoka ku Mbare, mu Harare kuno ku Zimbabwe, anandiimbira bambo wina wolankhula mwaulemu kwambiri. Anati ndi wa kubanki, akaunti yanga yatsekeka, ndipo kuti andithandize ndiike AnyDesk n'kumuwerengera manambala amene aoneke pa sikirini. Ndinawerenga, kenako ndinadina Accept. Apu imeneyi, ngati inzake TeamViewer QuickSupport, si yakuba ayi, amisiri a makompyuta amaigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Koma mukapatsa munthu manambala aja n'kuvomera, amaona zonse zimene zili pa sikirini yanu, ndipo pa mafoni ambiri a Android amathanso kudina yekha.

Choyamba dulani intaneti, musayambe ndi kukangana naye. Yatsani Airplane mode, muonetsetse kuti Wi-Fi nayo yazima, chifukwa mafoni ena amaisiya yoyaka. Ngati sikirini ikuyenda yokha n'kumakulandani, gwirani batani la pambali, muzimitse foniyo. Popanda intaneti munthu uja saonanso kanthu.

Pamene ine ndinapsa ndi apa. Nditayamba kukayikira ndinamudulira foni, ndipo ndinaganiza kuti basi zatha. Kudula kuyankhulana sikudula apu ija. Deta inali chiyakire, iye akuonerera phee. Mwamantha ndinathamangira kusintha PIN ya ndalama za pafoni pa foni yomweyo. Kabokosi kamene kamatuluka mukaimba manambala a nyenyezi aja sikabisa zimene mukulemba, manambala amaoneka poyera. Ndiye ndinamulembera PIN yakale, kenako yatsopano kawiri konse, ngati mwana wa sukulu pa bolodi. Ndinaika foni patebulo n'kupita kukatunga madzi, mtima uli m'malo. Pobwera ndinapeza madola 140 atapita, ndalama imene ndinkafuna kutumizira mayi ku Dedza.

Choncho PIN musasinthire pa foni imeneyo. Izimitseni, chotsani simu, muiike mu kafoni ka mabatani, kamene anzathu kuno amati kambudzi. Ngati mulibe bwerekani kwa aneba, musagule ka pa msewu mothamanga, tambiri timabwera batire litafa kale. Mu kafoni kameneko sinthani PIN ya EcoCash pa *151#, ndi ya china chilichonse chimene mumasungira kapena kutumizira ndalama kumudzi. Ubwino wina ndi wakuti mauthenga a manambala achinsinsi ochokera kubanki tsopano azifikira m'kambudzimo, osati pa sikirini imene wakubayo ankaona. Imbaninso izi, kuti ngati anakhotetsa mafoni anu kuti azilowa kwa iye, zithetsedwe:

```
##002#
```

Kenako banki. Imbani nambala imene ili kuseri kwa khadi lanu, osati imene inakuimbirani kapena imene anakutumizirani pa WhatsApp. Auzeni mosapsatira kuti munthu wina anali ndi mphamvu pa foni yanu, atseke khadi ndi apu ya banki. Ngati ndalama yatuluka kale pa ZIPIT, njira yotumizira ndalama pakati pa mabanki, apatseni nthawi, kuchuluka kwake ndi nambala ya mu uthenga uja. ZIPIT imafika pompopompo, ndiye mwayi ulipo pokhapokha ngati ndalamayo isanatapidwe kumene yapita. Mauthengawo musafufute, apolisi adzawafuna. Mukakanena kupolisi musachokeko opanda nambala ya RRB, yosonyeza kuti dandaulo lanu lalembedwa, kubanki akhoza kuifunsa.

Tsopano foni ija. Iyatseni yopanda simu, Wi-Fi yozima, muchotse apuyo. Musaiwale kamwana kake: nthawi zambiri pamakhala kachiwiri kolembedwa plugin kapena Add-On, ndipo ndi kamene kamalola munthu kudina. Lowani mu Settings, pa Accessibility, muzimitse chilichonse chimene simukuchidziwa. Apu ikamakana kuchoka, yang'anani pa Device admin apps muilande chilolezo kaye. Koma ngati sanakuuzeni kutenga pa Play Store, m'malo mwake anakutumizirani linki kapena fayilo yoikira apu yotchedwa APK, musataye nthawi kusakasaka. Sungani zithunzi zanu, foniyo muipukute yonse ndi Factory data reset. Mnyamata wina wokonza mafoni mtauni anafuna madola 10 kuti "aitsuke", n'kundiuza kuti ndimusiyire foni yotsekula mpaka mawa. Ndinakana, ndi ntchito yoti mutha kuchita nokha mutakhala pa mkeka.

Zotsalazo ndi zachidule. Sinthani pasiwedi ya Gmail ndi Facebook pa foni ina, muone pa Linked devices mu WhatsApp ngati pali chachilendo, muchenjeze abale kuti asatumize ndalama kwa wopempha m'dzina lanu. Patatha masiku awiri wina anandiimbira kuti angathe kundibwezera madola anga 140 ndikangoika ka apu kena. Ameneyo ndinamuyankhira pa kambudzi.